Diresi limodzi, zithunzi zitatu: kusankha muyeso wa sitetasi, positi ndi kava

Aliyense amene amatsegula masitetasi a anzake pa WhatsApp anazionapo izi. Wina waika uthenga wa malonda, koma nambala ya foni yabisika pansi penipeni, pamalo pamene pamakhala polembera yankho. Wina waika chithunzi cha kwaya yonse, koma chaoneka kakang'ono pakati pa sikirini, pamwamba bii, pansi bii, moti sungazindikire nkhope ya aliyense. Wachitatu wachikoka chithunzi kuti chidzaze sikirini, ndipo mkwatibwi amene tonse timamudziwa kuti ali ndi thupi lake waoneka wowonda, mutu wasongoka. Mavuto atatuwa gwero lake ndi limodzi. Chithunzicho chinajambulidwa m'muyeso wina, koma chaikidwa pamalo ofuna muyeso wina.

Muyeso umene tikunenawu umalembedwa ndi manambala awiri, monga 9:16 kapena 1:1. Nambala yoyamba ndi ya mbali yopingasa, kuchoka kumanzere kupita kumanja. Yachiwiri ndi ya mbali yokwera, kuchoka pansi kupita pamwamba. Choncho 9:16 ndi chithunzi choimirira: mukayenda magawo 9 chopingasa, mwakwera magawo 16. Mukawatembenuza manambalawo n'kukhala 16:9, chithunzi chagona, ngati sikirini ya wailesi ya kanema ya masiku ano. Pa 1:1 mbali zonse n'zofanana. Manambalawa sanena kukula kwa chithunzi, amangonena maonekedwe ake. Kukula kumawerengedwa m'timadontho timene timapanga chithunzi, mapikiselo. Chithunzi cha mapikiselo 1080 ndi 1920 ndi china cha 720 ndi 1280 zonse ndi 9:16, kungoti china n'chosalala kuposa chinzake.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti kamera ya foni simajambula m'muyeso uliwonse mwa imene mapulogalamu amafuna. Kachipangizo kolandira kuwala m'mafoni ambiri kanapangidwa m'muyeso wa 4:3, womwe unali wa mawailesi a kanema akale aja. Makamera akuluakulu a ojambula pa ukwati ambiri amatulutsa 3:2, umene anautengera ku filimu yakale ya mamilimita 36 ndi 24. Koma malo oikapo zithunzi anabwera ndi zofuna zawo. Instagram itayamba mu 2010 inkalandira zithunzi za sikweya zokhazokha, ndipo inalola zina mu 2015. Zoimirira zodzaza sikirini zinafala ndi Snapchat, kenako Instagram inayambitsa Stories mu 2016, WhatsApp n'kutsatira ndi Status mu 2017. Ndiye chithunzi chilichonse chochoka mu kamera kupita kumalo amenewa chimayenera kudulidwa. Ngati simunachidule nokha, pulogalamu ikudulirani, ndipo pulogalamuyo sidziwa kuti pakona paja pali mtengo wa katundu.

Tiyerekeze telala wina wasoka diresi la chitenje, lalitali mpaka m'mapazi, manja ake otukumuka, khosi lake lokongoletsedwa ndi ulusi. Akufuna kulitsatsa malo atatu: pa sitetasi ya WhatsApp, pa positi ya Facebook, ndiponso pa kava ya tsamba la bizinesi yake, chithunzi chopingasa chija chimene chimakhala pamwamba pa tsamba ngati chikwangwani. Wapeza mtsikana woti alivale. Foni yake imajambula zithunzi za mapikiselo 4000 ndi 3000, monga amachitira mafoni ambiri a mamegapikiselo 12.

Asanajambule, tione zimene masamu akunena. Akajambula foni itagona, chithunzi chikhala 4000 chopingasa, 3000 chokwera. Kuti atulutsemo 9:16, mbali yokwera ikhalabe 3000, koma yopingasa itsika kufika pa 1688, chifukwa 3000 kuchulukitsa ndi 9, kugawa ndi 16, imapereka pamenepo. Pa mapikiselo 4000 atsala ndi 1688. Woposa theka la chithunzi wapita. Akajambula foni itaimirira, chithunzi chikhala 3000 ndi 4000, ndipo 9:16 itenga 2250 ndi 4000. Apa wangotaya gawo limodzi mwa magawo anayi, kachidutswa kumanzere ndi kachidutswa kumanja, kumene nthawi zambiri kumakhala khoma chabe. Koma chithunzi choimirira chomwechi akafuna kuchisandutsa kava ya 3:1, chimene chitsale ndi 3000 ndi 1000, gawo limodzi lokha mwa anayi. M'kachigawo kameneko mungalowe mutu ndi mapewa, kapena chifuwa ndi chiuno, koma diresi lonse silingalowemo ngakhale atayesa bwanji.

Apa ndi pamene ambiri amataya nthawi, kulimbana ndi chithunzi chimodzi kuti chikwane paliponse. Ine ndimati telalayu ajambule katatu, mtsikanayo akadali m'diresi, dzuwa lisanasunthe. Kujambula kachiwiri ndi kachitatu sikutha mphindi zisanu, pamene kukonza chithunzi chosakwana kumatha madzulo onse, zotsatira zake n'kukhalabe zosasangalatsa.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kukonza mu kamera. Choyamba, asiye muyeso pa 4:3, umene mafoni ena amalemba 3:4. Batani lolembedwa Full limakopa chifukwa chithunzi chimadzaza sikirini yonse, koma silionjezera kanthu. Limadula m'mbali chithunzi chisanasungidwe n'komwe, ndipo chimene chadulidwa pamenepo sichibwerera. Ndi bwino kusunga chithunzi chathunthu n'kudzadula modekha pambuyo pake. Chachiwiri, ayatse mizere yothandizira, imene mu zokonzera za kamera imalembedwa Grid kapena Grid lines. Mizereyi imagawa sikirini patatu chopingasa ndi patatu chokwera, ndipo sioneka pa chithunzi chenichenicho.

Choimirira

Sitetasi ndiyo yosavuta pa zitatuzi, chifukwa munthu woimirira ndi 9:16 n'zogwirizana kale. Muyeso wodziwika ndi mapikiselo 1080 ndi 1920. Koma malo onsewo si anu. Pamwamba pulogalamu imaikapo timizere toonetsa nthawi, kachithunzi kanu ndi dzina lanu. Pansi pamakhala polembera yankho, ndiponso mawu amene mwalemba potumiza. Lamulo limene okonza zotsatsa amatsatira ndi kusiya mapikiselo pafupifupi 250 pamwamba ndi 250 pansi opanda chilembo kapena nkhope. Mukachotsa zimenezo pa 1920 mutsala ndi 1420, ndipo m'menemo ndi mmene diresi, mtengo ndi nambala ziyenera kukwana. Pa TikTok ndi pa Reels malo amachepanso, chifukwa mawu apansi amakwera kwambiri ndipo kumanja kuli mabatani ondandalikana.

M'mbali namonso muli msampha umene anthu saudziwa. Mafoni ambiri a masiku ano ndi aatali kuposa 9:16. Sikirini ya mapikiselo 1080 ndi 2400 ndi 9:20. Mapulogalamu ena amaika chithunzi chanu pakati n'kusiya mdima pang'ono pamwamba ndi pansi, koma ena amachikuza kuti chidzaze sikirini yonse. Chikakuzidwa mpaka kufika 2400 chokwera, chopingasa chimakhala 1350, pamene sikirini ili ndi 1080 basi. Zotsalazo zimadulidwa, gawo limodzi mwa magawo khumi kumanzere, chimodzimodzinso kumanja. Ngati nambala ya foni, ndi manambala ake khumi aja, inalembedwa kuyambira m'mphepete mpaka m'mphepete, ziro woyamba ndi nambala yomaliza zimasowa. Kasitomala sangaimbe. Choncho telala wathu asiye mapikiselo pafupifupi 110 mbali iliyonse, alembe zonse m'kati mwa 860 otsalawo.

Pojambula, aimirire patali ndithu, kuti pamwamba pa mutu wa mtsikanayo ndi pansi pa mapazi ake patsale malo. Poyamba zioneka ngati wawononga malo, koma malo amenewo ndi amene pulogalamu idzaphimbe. Foni aigwire cha pachiuno kapena pachifuwa, itaima chilili, osaiweramitsa. Munthu wamtali akajambula foni ili pamaso pake n'kuiweramitsira pansi, mutu wa wojambulidwayo umakula, miyendo imafupika, ndipo diresi lalitali limaoneka lachinjinjili. M'chithunzi choimirira vutoli limaonekera kwambiri chifukwa thupi lonse lilimo. Apewenso lensi yotambasula ija yolembedwa 0.5x, chifukwa imakoka chilichonse chili kufupi ndi m'mphepete, makamaka mapazi ndi mutu.

Diso la woonera sitetasi limayenda kuchoka pamwamba kutsika pansi, ndipo chithunzicho chimangokhala masekondi ochepa chisanapite. Ndiye kasanjidwe kake katsatire njira yomweyo. Nkhope ikhale cha pa mzere wapamwamba wa mizere yothandizira ija, diresi litenge pakati ponse, ndipo mtengo ndi nambala zikhale m'munsi, koma pamwamba pa malire a 250 aja. Mawu akhale ochepa, mizere iwiri kapena itatu yaifupi yosanjikizana, osati mzere umodzi wautali wa zilembo zing'onozing'ono. Ngati mtsikanayo watenga mapikiselo 1100 mwa 1420, otsala 320 akukwana mizere iwiri ya zilembo zazikulu zowerengeka munthu ali m'minibasi.

Sikweya

Positi ya 1:1, mapikiselo 1080 mbali zonse, ndi imene imafuna kuganiza. Kudula kwake sikutaya zambiri: kaya munajambula choimirira kaya chogona, pa 4000 ndi 3000 mutsala ndi 3000 ndi 3000. Vuto ndi lakuti munthu woimirira sagwirizana ndi sikweya. Mukamulowetsa yense, kumutu mpaka kumapazi, amangotenga kachigawo kopapatiza pakati, uku khoma, uku khoma. Ulusi wa pakhosi uja, umene telala anaugwirira ntchito usiku wonse, suonekanso.

Njira zilipo ziwiri, ndipo telala asankhe malinga ndi chimene akugulitsa. Ngati chokopa ndi kutalika ndi kagwedwe ka diresi, amulowetse yense, koma osati pakati. Sikweya ya 1080 ikagawidwa patatu, mizere imagwera pa 360 ndi pa 720. Mtsikanayo aime pa mzere umodzi, ndipo malo otsala mbali inayo alembepo dzina la shopu, mtengo ndi nambala. Khoma lija, m'malo mokhala malo otayika, lasanduka polembapo. Chofunika kusamala ndi kumene wayang'ana. Ngati nkhope ndi mapewa zatembenukira kumanja, aime pa mzere wakumanzere, kuti aziyang'ana kumene kuli mawu. Mukamuika mosemphanitsa, amaoneka ngati akufuna kutuluka m'chithunzi, ndipo diso la woonera limatuluka naye limodzi osawerenga mtengo.

Ngati chokopa ndi khosi ndi manja, telala ayandikire. Chithunzi chiyambire pamwamba pang'ono pa mutu n'kuthera pakati pa ntchafu, kapena pamwamba pang'ono pa chiuno. Ojambula ali ndi lamulo lakale pa nkhaniyi: osadula munthu polumikizira mafupa. Mukadula pa mawondo, pa akakolo, pa zigongono kapena pamene dzanja limalumikizana ndi mkono, chithunzi chimaoneka ngati munthuyo alibe chiwalocho. Mukadula pakati pa ntchafu kapena pakati pa mkono, diso limavomereza kuti thupi likupitirira kunja kwa chithunzi. Zala nazo zimavutitsa. Dzanja likakhala pachiuno, lilowe lonse, osati zala zitatu m'kati ziwiri kunja. Ndipo pansi pa diresi pamafunika chisankho chomveka: kaya mpendero wonse ndi nsapato zilowe, kaya mudule patali ndithu. Kudula nsonga za nsapato zokha kumangoonetsa kuti munthu anajambula mothamanga.

Sikweya imakondanso chinthu chimodzi choikidwa pakati penipeni, makamaka chozungulira kapena chofanana mbali zonse, monga keke, mbale ya chakudya, chikwama kapena chipewa. Pa zinthu zotere palibe chifukwa chokankhira pambali.

Kwa zovala, ine ndimaona kuti 4:5 imaposa sikweya. Ndi mapikiselo 1080 ndi 1350, ndipo Facebook ndi Instagram zonse zimailandira pa positi. Mapikiselo 270 oonjezerawo amalola kuti diresi lilowe mpaka kumunsi popanda kumuchepetsa munthu, komanso positiyo imatenga malo aakulu pa sikirini ya munthu amene akungopalasa ndi chala. Sikweya ndi yabwino pamene zithunzi zambiri zindandalikidwa pamodzi, monga pa mndandanda wa katundu, pamene mukufuna zonse zioneke zofanana. Koma pa 4:5 zofunika zikhalebe cha pakati, chifukwa malo ena oonetsera zithunzi zing'onozing'ono amadulanso.

Kachithunzi ka mwini tsamba nako ndi sikweya, koma kamaonetsedwa kozungulira. Makona anayi aja akadulidwa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu limapita. Dzina la shopu lolembedwa m'munsi kuchoka pakona kufika pakona limatsala zilembo zapakati zokha.

Kava

Chopingasa ndiye chovuta kwambiri, ndipo apa chithunzi cha mtsikana woimirira chija tichiiwale. Chikwangwani cha pamwamba pa tsamba la X ndi mapikiselo 1500 ndi 500, kutanthauza 3:1. Cha munthu pa LinkedIn ndi 1584 ndi 396, kutanthauza 4:1. Malo otere safuna chinthu chachitali. Amafuna zinthu zondandalikana, kapena chinthu chimodzi chogona. Telala afunse kuti mu shopu mwake n'chiyani chimayenda chopingasa. Yankho lili pamaso pake: madiresi asanu opachikidwa pa chingwe, zitenje zopindidwa zosanjidwa pa shelefu, kapena makina osokera ali kumapeto kwa tebulo, nsalu itayalidwa kuchoka pa singano kupita mbali inayo.

Ajambule foni itagona, ataima patali, ndipo apa mizere yothandizira ija igwira ntchito yaikulu. Pa chithunzi cha 4000 ndi 3000, chigawo chapakati cha mizereyo ndi 4000 ndi 1000, chomwe ndi 4:1 ndendende. Chilichonse chimene chakwana m'chigawo chapakaticho chikwana pa 4:1, ndipo pa 3:1, imene imatenga 4000 ndi 1333, chikhala ndi mpata wopumira pamwamba ndi pansi. Choncho akamajambula asayang'ane sikirini yonse. Ayang'ane chigawo chapakati chokha, denga ndi simenti zilowe mmene zingalowere, poti zidzadulidwa. Aonetsetsenso kuti foni yawongoka. M'chithunzi chopingasa chonchi, shelefu ikapendekeka pang'ono pokha zimaonekeratu, chifukwa mzere wake ndi wautali ndipo uli kufupi ndi m'mphepete. Kuwongola pambuyo pake kumadyanso mapikiselo m'makona.

Kava ya Facebook ili ndi vuto lakelake: imadulidwa mosiyana pa kompyuta ndi pa foni. Manambala amene akhala akugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri ndi 820 ndi 312 pa kompyuta, 640 ndi 360 pa foni. Kampaniyo imasintha maonekedwe a masamba nthawi ndi nthawi, koma khalidwe lake ndi lomwelo, pa kompyuta kava ndi yotambalala ndi yaifupi, pa foni ndi yopapatiza ndi yaitali. Njira yake ndi kukonza chithunzi cha 820 ndi 360. Kompyuta idula mapikiselo 24 pamwamba ndi 24 pansi. Foni idula 90 kumanzere ndi 90 kumanja. Malo amene aliyense adzaone ndi 640 ndi 312 apakati, ndipo dzina la shopu likhale m'menemo. M'mbali muikemo zinthu zoti zikadulidwa palibe wodandaula, monga zitenje zopitirira. Kuti chisaoneke chamatuwatuwa, manambala onsewa muwachulukitse kawiri: chithunzi cha 1640 ndi 720, malo otetezeka 1280 ndi 624. Popeza makasitomala ambiri a telala wathu adzaona tsambalo pa foni, akakayika akondere foni.

YouTube ndiye imafika pena. Imapempha chithunzi cha 2560 ndi 1440, chimene chimaoneka chonse pa wailesi ya kanema pokha. Chimene chimaoneka pa zipangizo zonse ndi kachigawo kapakati ka mapikiselo pafupifupi 1546 ndi 423, kosakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a chithunzi chonsecho. Kwaya imene yaika chithunzi cha gulu lonse pamenepo imadzapeza pa foni pakuoneka mimba ndi malamba okhaokha.

Pa masamba ambiri kachithunzi kozungulira ka mwini tsamba kamakwera pa kava, kawirikawiri pansi chakumanzere. Pamenepo pasakhale mawu. Makina osokera kapena mulu wa zitenje ukhoza kukhala kumanzereko, dzina n'kukhala pakati kapena chakumanja pang'ono. Ndipo kava si malo olembapo mitengo. Dzina, ntchito ndi dera, monga kunena kuti timasoka za ukwati ndi za chinkhoswe, ku Mchesi kapena ku Ndirande, n'zokwanira. Mzere umodzi wautali umagwirizana ndi malo opingasa, mosiyana ndi pa sitetasi paja pamene timafuna mizere yaifupi yosanjikizana.

Ngati chithunzi chilipo chimodzi chokha

Nthawi zina kujambulanso sikutheka. Ukwati unatha, diresi linapita ndi mwini wake, chatsala ndi chithunzi chimodzi chogona. Chinthu choyenera kupeweratu ndi kuchikoka. Mu Canva, PixelLab ndi mapulogalamu ena otere, chithunzi chikasankhidwa pamaoneka timadontho togwirira m'makona ndi m'mbali. Ta m'makona timakuza mbali zonse mofanana. Ta m'mbali, m'mapulogalamu ena timadula, koma mwa ena timakoka mbali imodzi yokha. Kukoka sikweya kuti idzaze 9:16 ndi kuitalikitsa pafupifupi kawiri. Ngakhale kukoka pang'ono kumadziwika. Yang'anani chinthu chimene mukudziwa kuti n'chozungulira, monga gudumu la makina osokera, wotchi ya pakhoma, batani la malaya kapena mbale. Chikaoneka ngati dzira, chithunzi chakokedwa.

Chimene chimagwira ntchito ndi kuyamba ndi malo opanda kanthu a muyeso wofunikawo, n'kumanga m'menemo. Mu Canva mumasankha Custom size n'kulemba 1080 ndi 1920. Chithunzi chogona cha 4:3 chikaikidwa pamenepo chimatenga 1080 ndi 810. Pamwamba ndi pansi patsala malo ambiri, koma m'malo mowasiya akuda, apakeni mtundu umodzi wotengedwa pa chitenje chomwecho, pamwamba mulembe mutu wa nkhani, pansi mtengo ndi nambala. Ena amaika kumbuyo chithunzi chomwecho chitakuzidwa ndi kuchititsidwa chimbuuzi. Zimatheka, ngakhale kuti mawu sawerengeka bwino pamenepo ngati mmene amawerengekera pa mtundu umodzi.

Mukakhala ndi zithunzi zingapo, masamu amakukomerani. Zithunzi zitatu za 16:9 zosanjikizana, chilichonse 1080 ndi 608, zimatenga 1824 mwa 1920, n'kutsala 96 ogawa ngati mipata. Masikweya atatu oikidwa mondondozana amapanga 3:1 ndendende, anayi amapanga 4:1. Choncho telala amene ali ndi masikweya a madiresi osiyanasiyana ali kale ndi kava, angowandandalika, mitu ya ovalawo ikhale pa mzere umodzi.

Mapepala otsatsa okonzedwera kusindikiza nawo amavutitsa. Pepala la A4 ndi mamilimita 210 ndi 297. Likaikidwa pa sitetasi limakwana, chifukwa pa 1080 chopingasa limakwera 1527, koma zilembo zimene zinkawerengeka papepala zimachepa kwambiri pa foni. Likadulidwa kukhala sikweya, pafupifupi magawo atatu mwa khumi amapita, theka pamwamba theka pansi, komwe kumakhala mutu wa msonkhano ndi nambala ya foni. Pepala lotere silifuna kudulidwa. Lifuna kulembedwanso, mawu ake atachepetsedwa.

Kudula kuli ndi malire enanso, a mapikiselo. Chithunzi chochokera mu kamera mwachindunji chimapirira, poti 1688 ndi 3000 ija ikadali yoposa 1080 ndi 1920. Koma chithunzi chimene mnzanu wakutumizirani pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimafika chitachepetsedwa, mbali yaitali ili pafupifupi 1600. Pa 1600 ndi 1200, kudula 9:16 kumasiya 675 ndi 1200, ndipo foni imachita kuchikuza kuti chidzaze sikirini. Maluwa a pa chitenje amasungunuka, m'mphepete mwa zilembo mumachita timabokosi. Vidiyo ya 1920 ndi 1080 imavutika koposa, chifukwa choimirira chotulukamo ndi 608 chopingasa basi. Ngati chithunzi chili ndi ntchito yoti chidulidwe, pemphani kuti achitumize ngati Document, kapena adine HD potumiza, ngakhale zidye bandulo yochulukirapo.

Chomaliza telala asanaulutse ndi kuyesa pa foni ina. Mu zokonzera za sitetasi ya WhatsApp muli posankha amene aone, polembedwa Only share with. Asankhe munthu mmodzi wa pakhomo pomwepo, makamaka amene foni yake ndi yosiyana kukula ndi yake, atumize, aone ngati nambala ikuwerengeka yonse ndiponso ngati dzina lake la pamwamba lija silinakhale pa nkhope ya mtsikanayo. Kava aitsegule pa foni, kenako pa kompyuta ngati ilipo pafupi. Zikakhala bwino, abwezere posankha paja pa My contacts asanatumizenso, chifukwa akaiwala, masitetasi onse otsatira azingopita kwa munthu mmodzi yemweyo.